Timawu a, an ndi the m'makalata a ku ofesi: pamene timasowa ndi pamene timachuluka

*Ndimagwira ntchito yogula katundu pa kampani ina ku Kanengo kuno ku Lilongwe. Chingerezi ndinakhoza bwino pa mayeso a Fomu 4 ndipo ndimachilankhula tsiku ndi tsiku, koma ndikalemba kalata kapena imelo, abwana amandibwezera atawonjezeramo "the" ndi "a" malo ambiri, penanso atafufuta pamene ine ndinaika. Kodi ndimalakwitsa pati, ndipo pali njira yodziwira popanda kuloweza malamulo ambirimbiri?* Mayi wina wa ku Area 25

Mayi, gwero la nkhaniyi lili m'kapangidwe ka zilankhulo ziwirizi, ndipo ndi bwino tiyambire pa Chichewa chathu, chifukwa ntchito imene timawu timeneti timagwira m'Chingerezi inu mumaigwira kale tsiku lililonse, kungoti mumaigwira ndi zida zina. Mnzanu wa pa ofesi yolandirira alendo akakuuzani kuti "Kwabwera kasitomala", mumadziwa kuti wabwerayo ndi munthu amene simunamuyembekezere ndipo mwina simukumudziwa. Akanena kuti "Kasitomala uja wabwera", mumanyamuka ndi fayilo yake m'manja, chifukwa nonse awiri mukudziwa munthu amene akunenedwa. Chimodzimodzinso "Ndalandira kalata" ndi "Ndailandira kalatayo". M'chiganizo chachiwirichi muli zizindikiro ziwiri zosonyeza kuti kalatayo ndi yodziwika, kachilembo ka "i" kamene kalowa m'kati mwa mneni ndi ka "yo" kamene kamatirira kumapeto kwa dzina. Choncho Chichewa chimasiyanitsa chinthu chodziwika ndi chosadziwika pogwiritsa ntchito mawu oloza monga uja, ija, "yo" ndi "wo", komanso malo amene dzina laikidwa m'chiganizo.

Kusiyana kwake n'kwakuti m'Chichewa zizindikiro zimenezi sizokakamiza. Mukauza mnzanu kuti "Tumizani invoisi", chiganizocho ndi chathunthu, ndipo womvayo amazindikira yekha kuchokera pa zimene mwakhala mukukambirana ngati mukunena invoisi ya dzulo ija kapena ina yatsopano. Chingerezi sichilola zimenezo. Dzina la chinthu chimodzi chowerengeka, monga *invoice*, *meeting* kapena *supplier*, siliima lokha m'chiganizo chathunthu, limafuna kamawu kena patsogolo pake, kaya ndi *a*, *an*, *the*, kapena mawu onga *my*, *your*, *this* ndi *each*. Munthu woganiza m'Chichewa akalemba *Please send invoice* saona dzenje lililonse, chifukwa m'mutu mwake ganizo lakwana, pomwe wowerenga amene anakulira m'Chingerezi amapunthwa pomwepo. Pa malamulo onse a nkhaniyi, limeneli lokha ndi limene ndingakupempheni kuti muliloweze, pakuti zolakwika zambiri za kusiya timawuti zimachokera pamenepa.

Palinso zifukwa zina ziwiri zimene zimawonjezera. Choyamba ndi cha khutu. Eni Chingerezi amatchula *a* ndi *the* mopepuka kwambiri, mosatsindika, ndipo ife tinazolowera kuti mawu aliwonse azithera ndi lembo la liwu, motero mawu a Chingerezi othera ndi lembo lopanda liwu timakonda kuwaikira kaliwu kumapeto. Tikamva *send a copy*, kaliwu ka pakatipo timakatenga ngati mchira wa mawu oyambawo, osazindikira kuti ndi mawu paokha. Chachiwiri ndi cha zimene timawerenga. Mitu ya nkhani m'nyuzipepala, mauthenga a pa foni, mafomu ndi mizere ya mutu wa imelo zimasiya timawuti dala pofuna kufupikitsa, ndipo kumeneko n'kololedwa. Vuto limadza kalembedwe komweko kakalowa m'thupi la kalata, makamaka m'maofesi mmene wobwera kumene amaphunzira kulemba pokopera makalata akale a m'fayilo.

Mbiri ya timawuti ingakuthandizeni kukumbukira ntchito yake. *A* ndi *an* anachokera ku mawu a Chingerezi chakale otanthauza "chimodzi", omwenso anabala *one*, ndipo n'chifukwa chake sayenda ndi zinthu zambiri kapena zinthu zosawerengeka. *The* anachokera ku mawu oloza, a banja limodzi ndi *that*, motero ndi m'bale weniweni wa "ija" ndi "yo" wathu. Funso loyenera kudzifunsa pa dzina lililonse likhale lokhudza wowerenga, osati inuyo wolemba: kodi iye akudziwa kuti ndikunena chiti? Ngati akudziwa, ikani *the*. Ngati sakudziwa, kapena ngati chilichonse cha mtundu umenewo chingachite, ndipo chinthucho ndi chimodzi chowerengeka, ikani *a* kapena *an*. Anthu ambiri amalakwitsa chifukwa amayankha funsoli ali mbali yawo. Iwo jenereta imene akufuna akuiona bwinobwino m'maganizo, koma wogulitsa amene akulandira kalata koyamba sanaimvepo.

Tiyeni titenge imelo ya mtundu umene anthu a ntchito ngati yanu amalemba kawirikawiri. Kampani yapempha mtengo wa jenereta, wogulitsa watumiza koteshoni, ndipo tsopano akuyankhidwa motere:

```
We have received quotation for supply of generator. Price is
above budget approved by board. Kindly send us revised quotation
and an advice on the delivery before end of month. We also need
the installation by qualified technician.
```

Uthengawu ukumveka, ndipo wogulitsa angathe kuyankha, koma muli malo khumi amene timawu tasowa ndi malo atatu amene taikidwa posafunika. Tiyambe ndi *quotation* woyamba. Mukanakhala mukulankhula pa foni mukanati "Talandira koteshoni ija" kapena "koteshoni yanu ija", chifukwa anaitumiza ndi iyeyo ndipo akuidziwa. Apa pakufunika *the quotation*, ngakhale *your quotation* ingakhalenso bwino kwambiri. Mawu omwewo abweranso m'chiganizo chachitatu, koma tsopano m'Chichewa mungati "mutitumizire koteshoni ina yokonzanso". Koteshoni imeneyi sinalembedwe n'komwe, palibe amene angailoze, motero ndi *a revised quotation*. Dzina ndi limodzi lomwelo, kalata ndi imodzi yomweyo, koma kamawu kasintha chifukwa zimene wowerenga akudziwa zasintha. Mawu akuti "ina" ndi "iliyonse" ndi chizindikiro chodalirika cha *a*, monga momwe "ija" alili chizindikiro cha *the*. Pa *technician* mungati "mmisiri aliyense wodziwa ntchito", ndiye kuti *a qualified technician*. Pa *generator* zikudalira pamene zokambirana zafika. Ngati simunagwirizane za jenereta yeniyeni, mulembe *a generator*, koma ngati munapita kukaiona kusitolo kwawo n'kusankha imodzi, mulembe *the generator*.

Tsopano pali gulu lina limene muyeso wa "ija" suligwira msanga, ndipo ndi limene limasiyidwa kwambiri ngakhale ndi anthu olemba bwino. Taonani *price*. Sanatchulidwepo m'kalatayi, ndiye munthu angaganize kuti ndi chinthu chatsopano chofuna *a*. Koma m'Chichewa mungati "Mtengo wake wakwera", ndipo ka "wake" kameneka kakuulula zonse: koteshoni ikangotchulidwa, mtengo wadziwika kale, chifukwa koteshoni iliyonse imakhala ndi mtengo wake. Choncho ndi *the price*. Paliponse pamene Chichewa chikulola "wake", "yake" kapena "lake" mwa njira imeneyi, monga tsiku lake, nambala yake, malipiro ake, Chingerezi chimafuna *the*. Ine ndimaona kuti muyeso umenewu ndi wothandiza kuposa lamulo la m'mabuku a sukulu lakuti chinthu chikatchulidwa koyamba chimatenga *a* ndipo kachiwiri chimatenga *the*, chifukwa m'makalata a malonda zinthu zambiri zimakhala zodziwika kuyambira pa mzere woyamba.

*Board* ndi yodziwika chifukwa kampani ili ndi bodi imodzi yokha, monganso *the managing director* ndi *the head office*. *Budget* yadziwika chifukwa cha mawu otsatira, akuti *approved by the board*, amene akuipatula pa mabajeti ena onse. Mawu onga amenewa, makamaka oyamba ndi *of*, nthawi zambiri amakoka *the* patsogolo pa dzina, ndipo n'chifukwa chake timalemba *the supply of* ndi *the end of*. Mwezi nawo ndi uno umene tonse tilimo, motero *the end of the month*. M'Chichewa timangoti "mwezi usanathe" popanda choloza chilichonse, ndipo apa mpamene chilankhulo chathu sichitichenjeza konse. Imelo yokonzedwa ikhala motere:

```
We have received the quotation for the supply of a generator. The
price is above the budget approved by the board. Kindly send us a
revised quotation and advice on delivery before the end of the
month. We also need installation by a qualified technician.
```

Mwaona kuti pa *advice*, *delivery* ndi *installation* timawu tachotsedwa. Imeneyi ndiyo mbali yachiwiri ya vuto lanu, ndipo kawirikawiri imayamba munthu akadzudzulidwa kangapo kuti amasiya *the*, iye n'kuyamba kumuwaza paliponse ngati mchere pofuna kudziteteza. Mbali imeneyi ili ndi magwero awiri osiyana, ndipo ndi bwino kuwalekanitsa.

Gwero loyamba ndi mayina amene Chingerezi chimawaona ngati osawerengeka pomwe ife timawawerenga. M'Chichewa muli langizo ndi malangizo, chipangizo ndi zipangizo, mpando ndi mipando, uthenga ndi mauthenga, motero n'zachibadwa kuti tilembe *an advice*, *equipments* kapena *a feedback*. Koma m'Chingerezi *advice*, *equipment*, *furniture*, *information*, *feedback*, *stationery* ndi *evidence* ali m'gulu limodzi ndi madzi ndi ufa: satenga *a*, ndipo satenga *s* wosonyeza kuchuluka. Palibe nzeru yapadera imene ingakuuzeni kuti mawu akuti ali m'gululi, chifukwa ndi mmene chilankhulocho chinagawira zinthu basi. Mtanthauziramawu wabwino wa ophunzira Chingerezi amaika chilembo U kapena mawu akuti *uncountable* pambali pa dzina lotere, ndi C kapena *countable* pa lowerengeka. Pa ntchito yogula katundu mayina otere amene mungakumane nawo tsiku ndi tsiku ndi ochepa, ndipo mukawalemba pa kapepala n'kukamata pambali pa kompyuta, mudzawazolowera msanga. Mukafuna kunena chimodzi, mumabwereka mawu ena, monga *a piece of equipment* kapena *an item of furniture*. Dziwaninso kuti mayina otere amatha kutenga *the* akakhala odziwika. *The advice you gave us* ndi Chingerezi cholondola, chifukwa ndi malangizo aja.

Gwero lachiwiri ndi kulankhula za chinthu mwachisawawa, osaloza china chake. Mukalemba lipoti lofotokoza kuti mitengo ya zinthu yakwera m'dziko muno, mulembe *Prices have gone up*, popanda kanthu patsogolo. Mukalemba *The prices have gone up*, wowerenga afunsa kuti mitengo yake iti, chifukwa mwamuuza kuti "mitengo ija". N'chimodzimodzi ndi *inflation*, *fuel*, *transport* ndi *payment* mukamanena za zinthuzi mwachisawawa. M'imelo yathu ija, *delivery* ndi *installation* akunena za ntchito yobweretsa ndi yolumikiza imene sinakonzedwe n'komwe, ndiye aima okha. Mawa galimoto ikadzafika mochedwa ndi jeneretayo, mudzalemba *The delivery was late*, chifukwa tsopano ndi ulendo wodziwika. Apa Chichewa chimatithandiza ndithu, chifukwa nafenso dzina lopanda choloza ndi limene timanenera zinthu mwachisawawa, monga "Mafuta akwera mtengo". Cholakwika chimabwera pokhapokha tikasiya kukhulupirira khutu lathu.

Mwina mungafunse ngati zonsezi zili ndi phindu loposa kukondweretsa abwana. Nthawi zambiri tanthauzo limapulumuka, koma pali malo amene kamawu kamodzi kamasintha zimene kampani yanena, ndipo malo amenewa ndi amene ine ndimadera nawo nkhawa. Kampani ikalemba m'kalata yofunsira tenda kuti *We are a supplier of* katundu wakuti, yanena kuti ndi imodzi mwa ogulitsa. Ikalemba *We are the supplier of*, wowerenga akhoza kumva kuti ndi yokhayo imene imagulitsa katunduyo, ndipo ngati si zoona, yanama mosadziwa. *Please pay a deposit* akusiya mpata woti wolipira afunse kapena asankhe ndalama zake, pomwe *Please pay the deposit* akutanthauza ndalama zimene munagwirizana kale, ndipo ngati simunagwirizanepo, mwayambitsa mkangano. Choopsa kwambiri ndi *few* ndi *a few*. Mukalembera abwana kuti *We received few complaints*, mukuwauza kuti madandaulo anali ochepa kwambiri, zinthu zili bwino. Mukalemba *We received a few complaints*, mukuwauza kuti madandaulo alipo ndithu angapo, awaganizire. Kusiyana komweku kuli pa *little* ndi *a little*. Palinso *a number of*, kutanthauza "angapo", ndi *the number of*, kutanthauza "chiwerengero cha". M'kontirakiti kapena m'lipoti la ndalama, malo oterewa muziwawerenga kawiri.

Mayina a mabungwe ndi malo ali ndi chizolowezi chawo. Dzina lopangidwa ndi mawu wamba ofotokoza bungwe, makamaka lokhala ndi *of*, limatenga *the* m'kati mwa chiganizo: *the Reserve Bank of Malawi*, *the Ministry of Finance*, *the Malawi Revenue Authority*. Dzina likafupikitsidwa, mverani katchulidwe kake. Lotchulidwa chilembo chimodzichimodzi nthawi zambiri limasunga *the*, monga *the MRA* ndi *the UN*, ngakhale nyuzipepala zathu zimamusiya kawirikawiri, pomwe lotchulidwa ngati mawu amodzi, monga ESCOM ndi ADMARC, liima lokha. Mizinda ndi madera satenga kanthu, motero mumalemba *in Lilongwe*, *at Kanengo*, *at Capital Hill*, *in Area 47*, ndiponso *at Kamuzu International Airport*. Nyanja ndi *Lake Malawi* basi, koma mtsinje ndi *the Shire River* kapena *the Lilongwe River*. Pa makalata ochokera ku boma mudzaona *Government* ali ndi chilembo chachikulu popanda *the*, ndipo m'makampani mudzaona *Management has decided*. Kameneka ndi kalembedwe kokhazikika, ngati ka *Parliament* ndi *Cabinet*, ndipo musakakonze. Chongofunika n'chakuti musakatengere ku *board*, *committee* ndi *department*, amene amafuna *the*.

Kusankha pakati pa *a* ndi *an* ndi nkhani yaifupi. Chimene chimalamula ndi liwu loyamba potchula, osati chilembo choyamba polemba. N'chifukwa chake timalemba *an hour* koma *a unit*, ndiponso *an LPO*, *an NGO* ndi *an MRA receipt*, pakuti mayina a zilembo L, N ndi M amayamba ndi liwu la "e" powatchula.

Pa njira yodzikonzera nokha, ndikulangizani kuti musalimbane ndi timawuti pamene mukulemba, chifukwa mudzataya ganizo la kalata. Lembani kaye mpaka kumapeto, kenaka muwerengenso ulendo wina wapadera mukuyang'ana mayina okha, ndipo ngati zingatheke muyambire pa chiganizo chomaliza kubwerera m'mbuyo kuti tanthauzo lisakunyengeni maso. Pa dzina lililonse, nenani chiganizocho m'Chichewa chamumtima ngati mukuuza wolandira kalatayo pamaso. Chikafuna "ija", "yo" kapena "yake", kapena ngati chinthucho chilipo chimodzi chokha pa kampani, ikani *the*. Chikafuna "ina" kapena "iliyonse", ikani *a* kapena *an*, mutatsimikiza kuti dzinalo ndi lowerengeka. Chikakhala chonena za zinthu zambiri kapena zosawerengeka mwachisawawa, lisiyeni lokha. Imelo ya mizere isanu imatha m'kanthawi kochepa, ndipo makalata amene abwana anakubwezerani musawataye, chifukwa mukawaika pamodzi mudzaona kuti ndi mayina ochepa omwewo amene amabwerezabwereza.

Pulogalamu yolembera ya pa kompyuta imatha kukujambulirani mzere pansi pa *send invoice* kapena *an advice*, ndipo pamenepo muimvere. Koma singadziwe ngati munapita kale kukaona jenereta ija, kapena ngati munagwirizana ndi kasitomala za ndalama za dipoziti, motero *a generator* ndi *the generator*, *a deposit* ndi *the deposit*, zonse imazilola kudutsa. Malo otere muziwaweruza nokha mutatsegula imelo yomaliza imene munalemberana ndi munthuyo, kuti muone zimene iye akudziwa kale.